Kuzindikira Wamalonda Wonyenga Ndalama Zisanacoke M'manja

Pamsika wa kumudzi wogula amagwira nsaru ndi dzanja lace, naiona bwino, ndipo pambuyo pace amaturutsa ndalama. Pa malonda a pa Intaneti mwambo umenewu watembenuka: ndalama zitsogola, katundu atsatira. Apa ndipo pabisala wonyenga. Ciyambire Airtel Money m'Malawi mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ndalama zifika kwa mlendo m'kamphindi, ndipo akazitapa kwa ejenti nkobvuta kuzibweza. Cifukwa cace kuyesa konse kuyenera kucitika munthu asanalipire.

Citsanzo ndi ici. Wophunzira usiteji wa uphunzitsi aona pa Facebook tsamba lodzicha sitolo ya ku Limbe, likugulitsa lamya ya m'manja pa K120,000, pamene m'masitolo a m'tauni lamya yomweyo aipeza pa K300,000. Mtengo umenewu ndiwo cizindikiro coyamba. Wamalonda weniweni anagula katundu wace, nalipira ulendo ndi msonkho. Angathe kutsitsako pang'ono, koma sangagulitse pansi pa theka la mtengo nakhalabe pa malonda. Wonyenga yekha ndiye angachule mtengo uliwonse, popeza alibe kanthu koti ataye. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Caciwiri ndico mbiri ya tsambalo. Facebook ili ndi malo olembedwa "Page transparency", amene aonetsa tsiku limene tsamba linatsegulidwa ndi maina amene linali nao kale. Wophunzira uja atsegula malowo, napeza kuti sitolo yonena kuti yatumikira anthu zaka zisanu inabadwa mwezi wathawu. Nthawi zina tsamba likhala lakale ndithu, koma dzina linasinthidwa posacedwa, cifukwa akuba amalanda kapena kugula masamba a anthu ena. Zithunzi nazo ziyesedwa: akaika cithunzi ca lamyayo mu Google Lens, nacipeza pa masitolo a maiko ena, adziwa kuti wogulitsayo sanajambule katundu wace. Mau oyamikira a ogula asakhulupiriridwe msanga, makamaka ngati onse afanana kalembedwe ndipo analembedwa masiku omwewo. Ndiponso keyala yoyamba ndi `https` siicitira umboni mwini sitolo; ingosonyeza kuti mau oyenda pakati pa wogula ndi tsambalo abisika kwa anthu ena.

Cacitatu, ndico cacikuru, cioneka pa kalipiridwe. Wogulitsa uja auza wophunzirayo kuti atumize K60,000 lero lomwe, pakuti lamya zatsala ziwiri zokha. Kufulumizitsa kumeneku nkwadala, kuti wogula asapeze mpata wakufunsa anzace. Tsono potumiza ndalama pa lamya, dzina la wolandira lioneka munthu asanalembe nambala yace yacinsinsi. Wogulitsa akadzichula dzina lina, koma pa lamya paoneka lina, iye nati, "Imeneyo ndi nambala ya mlamu wanga," wogula aime pomwepo. Koma kugwirizana kwa maina sikukwanira pakokha, cifukwa onyenga ena amagwiritsa nchito nambala zolembetsedwa ndi zitupa za anthu ena.

Iye amene alipira gawo loyamba amapeza kuti nkhani siithera pomwepo. M'mawa mwace amva kuti katundu wagwidwa pa cipata ca Mwanza, ndipo pafunika K25,000 ya msonkho. Tsiku lina ifunika K15,000 ya woyendetsa basi. Wogula aonjeza cifukwa ca cisoni ndi ndalama zoyamba zija, kufikira wataya K100,000, ndipo nambala ija ileka kuyankha. Malipiro atsopano amene sanachulidwe poyamba ndiwo cizindikiro cakuti katundu kulibe.

Kuyesa koposa konse nkwapafupi. Wophunzirayo anene kuti, "Mbale wanga akhala ku Limbe; ndiuzeni khomo la sitolo, abwere adzaione lamyayo ndi kulipira pomwepo." Wamalonda woona akondwera, pakuti wapeza wogula. Wonyenga ayamba zifukwa: sitolo ikukonzedwa, katundu ali kosungira, iye ali pa ulendo. Ngati palibe mbale woti atumidwe, wogula apemphe kulankhulana pa kanema wa WhatsApp, wogulitsa aonetse lamyayo ili m'manja mwace, naiyatse wogula akuona. Wokana zonse ziwirizi wadziulula yekha.

Amene wagwa kale m'mbuna aleke kutumiza ndalama zina, asunge mauthenga onse ndi nambala ya malipiro, nakanene msanga ku kampani ya lamya ndi ku Polisi, pakuti ndalama zisanatapidwe mwina zingaimitsidwe. Koma ciyembekezo cimeneci ncacing'ono pocilinganiza ndi funso limodzi lija: "Kodi ndingalipire nditaona katundu?"