Kulemba Nkhani ya Chikwama Mwa Baladi

Baladi ndi ndakatulo yosimba nkhani, yochokera ku nyimbo zakale za ku Mangalande ndi ku Sikotilandi. Ndime yake imakhala ndi mizere inayi, ndipo wachiwiri ndi wachinayi umatha mofanana. M'Chichewa mawu onse amathera lembo la liwu, choncho "a" yekha sakwanira: fananitsani maphatikizo awiri omaliza. Werenganinso maphatikizo a mzere uliwonse, 8, 6, 8, 6:

Mwana watola chikwama
Pochoka kumunda.
Njala ikuti, "Tsegula!"
Mtima wagunda.

Mu "mtima", "m" ndi phatikizo palokha.

Ophunzira ambiri amathamangira kulalikira kuti kuba n'koipa. Musatero. Baladi imaonetsa zochita ndi zoyankhula basi. M'ndime yachiwiri, mwiniwake atulukire akufunafuna, mwanayo asankhe chochita.