Mafunso a anyamata: thupi likusintha, nanga twahara?



Teremu ino tinaika kabokosi ka mafunso m'kalasi ya maphunziro a Chisilamu, ndipo timapepala tambiri ta anyamata a Fomu 1 ndi Fomu 2 tinalibe maina. Funso limodzi linabwera m'mawu osiyanasiyana: chiwalo chachimuna chikauma chokha, kapena munthu akadzuka atanyowa, ndiye kuti wachimwa? Nanga aswali bwanji? Makolo athu ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, mutikhululukire kuti tilankhula mosabisa. Tazindikira kuti ana ena akuphonya Swala ya Subuhi chifukwa cha manyazi, pamene ena akuswali alibe twahara chifukwa palibe amene anawauza.

Manyazi amenewa si achilendo. Ali bin Abi Talib ankatulutsa madhii pafupipafupi, koma anachita manyazi kufunsa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, popeza anali apongozi ake. Anatuma Miqdad bin Aswad kuti akamufunsire, ndipo yankho linabwera lakuti atsuke chiwalocho ndi kupanga udhu. Nkhaniyi ili mu Bukhari ndi Muslim. Onani kuti manyaziwo anangomusinthira njira yofunsira, sanamuletse kufunsa.

Tiyambe ndi thupi. Anyamata ambiri amayamba kusintha ali ndi zaka zapakati pa 9 ndi 14. Choyamba n'kukula kwa machende, omwe amapanga mphamvu ya m'magazi yotchedwa testositeroni. Imeneyi ndi imene imameretsa tsitsi kumaliseche ndi m'khwapa, kukulitsa mawu, kutalikitsa msinkhu ndi kubweretsa ziphuphu. Anyamata ambiri amatupanso pang'ono kumawere, nthawi zina mbali imodzi yokha, ndipo zimatha zokha pakapita miyezi kapena chaka chimodzi kapena ziwiri. Mnzanu akamera ndevu inu musanayambe, si vuto. Koma zaka 14 zikadutsa popanda kusintha kulikonse, kaonaneni ndi dokotala.

Kuuma kwa chiwalo ndi nkhani ya magazi. Mkati mwake muli minofu yonga siponji. Mitsempha ikatseguka, magazi amadzazamo, chiwalo n'kuuma. Amene amatsegula mitsemphayo ndi mbali ya thupi yomwe sitiilamulira, ngati mmene sitilamulira kugunda kwa mtima. N'chifukwa chake pa msinkhu wanu zimachitika popanda ganizo lililonse loipa: m'kalasi, m'minibasi yogwedera, ngakhale muli pa safu. Usiku zimachitika katatu mpaka kasanu munthu ali mtulo ta maloto, ndipo za m'mawa zija kawirikawiri n'zotsalira za tulo timeneti. Si matenda, si ziwanda, ndiponso si chizindikiro chakuti thupi likufuna mkazi, monga amanamizirana anyamata ena. Mukangokhala phee, n'kuika maganizo pa zina, zimatha m'mphindi zochepa.

Kuuma kokha sikuononga udhu, sikuononga Swala, sikuononga Swaumu. Chimene tiyenera kuyang'ana ndi chimene chatuluka, ndipo pali zitatu. Madhii ndi timadzi toyera ngati madzi, tonanda, totuluka pang'ono munthu akakhala ndi chilakolako, nthawi zina iye osazindikira. Wadii ndi woyera mombuwira, wolimbirako, ndipo amabwera pambuyo pokodza. Ziwirizi ndi najisi: tsukani chiwalo ndi malo a chovala amene zakhudza, pangani udhu, basi. Manii, womwe ndi umuna, amatuluka mothamanga, fungo lake limafanana ndi ufa wa tirigu wokanya, ndipo akauma nsalu imalimba. Ameneyu yekha ndi amene amafuna ghusul, kusamba thupi lonse. Kwa Imamu Shafii, amene ambiri kuno kwathu timatsatira, umuna si najisi, ngakhale kuchapa chovalacho n'kwabwino; a Hanafi ndi a Maliki amauyesa najisi. Kumbukiraninso kuti kwa a Shafii kukhudza maliseche ndi chikhatho popanda chotchinga kumaononga udhu, choncho tsukani kaye, udhu ubwere pambuyo.

Titenge chitsanzo. Mnyamata wa Fomu 2 wadzuka m'mwezi wa Ramadhani kutatsala mphindi 20 kuti adhana ya Subuhi imveke, ndipo wapeza kabudula wake wanyowa ndi umuna. Sakukumbukira loto lililonse. Lamulo limayang'ana madziwo, osati lotolo: waona umuna, ghusul yamugwera. Akanalota koma osapeza kanthu, sakanafunika kusamba. Tsono ayambe chiti, daku kapena kusamba? Adye daku kaye, chifukwa nthawi yake ikutha, ndipo janaba siiletsa munthu kuyamba kusala. Ngakhale adhana imupeze asanasambe, Swaumu yake ili bwino. Kusambako n'kwa Swala, ndipo nthawi ya Subuhi imafika mpaka kutuluka kwa dzuwa.

Kubafa, zokakamizidwa n'ziwiri zokha: niya ya mumtima yochotsa janaba, ndi kufikitsa madzi thupi lonse pamodzi ndi tsitsi mpaka pakhungu. Mwa Sunna, asambe m'manja, atsuke kumaliseche, apange udhu, athire madzi kumutu katatu, kenako mbali ya kumanja, n'kumaliza ya kumanzere. Malo amene amaiwalika ndi mchombo, m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi pakati pa zala za kumapazi. Sipafunika mgolo: Mtumiki ankasamba ndi muyeso wa saa, pafupifupi malita atatu, ndiye kandowa kamodzi kakwana, ndipo m'nyengo yozizira madzi ofunda ndi ololedwa. Mnyamata yemweyo akagona masana n'kutulukanso umuna kutulo, apitirize kusala, chifukwa wogona alibe mlandu. Angosamba isanadutse nthawi ya Swala yotsatira.

Kulota koyamba kotere kuli ndi tanthauzo lina: kuyambira tsikulo mnyamata ndi balighi, Swala zisanu ndi Swaumu ndi ngongole yake. Amene sanaone chizindikiro amawerengedwa wamkulu akakwanitsa zaka 15 za kalendala ya mwezi. Abdullah bin Umar anabwezedwa pa nkhondo ya Uhud ali ndi zaka 14, koma analoledwa pa Khandaq ali ndi 15. Kupita ku jando ndi mwambo wake, koma sikuti ndiko kumapanga munthu kukhala balighi.

Pali zinthu zitatu zimene si za kukula, ndipo zimafuna chipatala, osati kupirira. Chiwalo chikauma mopweteka kufikira maola 4, makamaka kwa amene ali ndi matenda a sikoselo, pitani nthawi yomweyo, chifukwa magazi otsekeredwa amaononga minofu. Tchende limodzi likayamba kupweteka kwambiri mwadzidzidzi, mwina ndi kutupa kapena kusanza, litha kukhala kuti lapotokola mtsempha wake. Madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 oti alipulumutse, ndiye musadikire kuche. Chachitatu ndi magazi mu mkodzo. M'madera a m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje ena amati ndiko kukula kwa mwamuna. Ayi ndithu, kawirikawiri ameneyo ndi likodzo, ndipo mankhwala ake a prazikwantelo alipo kuchipatala.

Kwa makolo, pempho lathu n'laling'ono. Mukamva mwana wanu akutunga madzi mbandakucha, musamufunse pamaso pa azilongo ake, ndipo musamuseke. Muikireni ndowa ndi sopo poti atha kutenga yekha. Ngati bambo zikuwavuta kukamba naye, amalume kapena a Shehe atha kuwaimirira. Kabokosi kaja kakadali m'kalasi, ndipo timakatsegula Lachinayi lililonse.