Mtengo wa chithunzi uli m'mphepete mwa tsitsi

Anajambulitsa pa chinkhoswe, chithunzi n'kutuluka bwino, koma kumbuyo kukuoneka khoma losapaka pulasitala ndi chingwe choyanikapo zovala. Mayiyo apita ku situdiyo kukapempha kuti zimenezo zichoke, paikidwe munda wa maluwa. Akamva mtengo amadabwa, poti m'maganizo mwawo ndi ntchito yongodina batani. Mkangano wa mtunduwu umatha ndi kalata yaifupi yomwe mwini situdiyo amalemba asanayambe ntchito, ngakhale itakhala ya pa foni.

Tiyerekeze kuti mayiwo atumiza zithunzi zitatu: cha bambo wometa mpala atavala suti, cha mkwatibwi wa tsitsi lotakasuka atavala velo, ndi cha banja lonse la anthu khumi. Kalata yabwino siitchula mtengo umodzi wa zonse. Itha kuyenda motere, ndipo ndalamazi n'zongoyerekeza:

"Okondeka mayi, zikomo potitumizira zithunzi zanu. Cha bambo ndi K4,000, cha mkwatibwi K10,000, cha banja lonse K12,000. Zonse pamodzi ndi K26,000, kuphatikizapo kukonzanso kamodzi ngati pali chomwe simunachikonde. Kutsuka ndi felemu zili padera. Tidzamaliza pakatha masiku atatu ogwira ntchito, kuwerengera tsiku lomwe mwatumiza theka la ndalamazi ndiponso mwasankha malo oti aoneke kumbuyo."

N'chifukwa chiyani munthu mmodzi, mkwatibwi, akutsala pang'ono kufanana mtengo ndi anthu khumi? Yankho lili m'mphepete. Kuti munthu achotsedwe pamalo pomwe anaima, wokonza amatsata malire a thupi lake pa kompyuta, m'pulogalamu ngati Photoshop. Mutu wa mpala ndi phewa la suti ndi mizere yosalala, yosachedwetsa. Tsitsi lotakasuka ndiye lina: pakati pa tingwe take pamaoneka tizidutswa ta khoma lakale lija. Velo ndi yoonekera, ndiye njerwa zimaonekera mkati mwake. Ukaidula mwaulesi, mkwatibwi amaima m'munda wa maluwa atanyamula khoma kumutu. Pulogalamu imatha kudula yokha, inde, koma apa m'pamene imaphonya, ndipo dzanja la munthu limalowapo. Cha banja chimadya nthawi m'mipata: pakati pa mikono, pakati pa miyendo, pansi pa mpando wa agogo.

Kudula kukatha ntchito imakhala isanathe. Ngati dzuwa linkawomba nkhope kuchokera kumanzere, munda watsopanowo uyeneranso kuwala kuchokera kumanzere. Pansi pa nsapato pamafunika kamthunzi, apo ayi munthu amaoneka ngati akuyandama. Amene anaima pafupi ndi khoma lobiriwira amakhalanso ndi kaubiriwiri pakhungu ndi pa malaya oyera, ndipo kameneko nako kamayenera kuchotsedwa.

Mawu ofunika kwambiri m'kalata muja, kwa ine, ndi akuti "kuwerengera tsiku lomwe". Kasitomala amayamba kuwerenga masiku pomwe watuluka pakhomo la situdiyo, pamene wokonza amayamba pomwe zonse zafika m'manja mwake. Mayi akatumiza ndalama Lolemba pa Airtel Money kapena Mpamba, koma munda n'kuusankha Lachitatu, zithunzi zidzatuluka Lolemba lotsatira ngati situdiyoyo siigwira ntchito Loweruka. Zikapanda kulembedwa, wina amaoneka wabodza. Mwini situdiyo wanzeru amasiyanso mpata wa tsiku lomwe magetsi angazime, ndipo amanena poyera kuti wofuna zamsangamsanga awonjezera zingati, chifukwa ntchito za ena zimayamba zaima.

Pali chinanso chomwe kalatayo iyenera kupempha: chithunzi chenicheni chochokera m'kamera kapena m'foni yomwe inajambula. Chomwe chadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi chimakhala chitachepetsedwa, tsitsi n'kusanduka chiphwirikiti. Pochitumiza, sankhani Document kuti chifike chonse. Kuti chithunzi chitsukidwe bwino pa pepala la A4, pa timadontho 300 pa inchi iliyonse, chimafunika mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Chochepa kwambiri kuposa apa chimachita mbuu pa khoma, ndipo situdiyo yoona mtima imanena zimenezi isanalandire ndalama.

"Kukonzanso kamodzi" nakonso kumafuna kumasulira. Kuwalitsa nkhope pang'ono ndi kukonza. Kunena kuti munda sukufunikanso, m'malo mwake paikidwe gombe la ku Mangochi, ndi ntchito yatsopano, poti kuwala ndi mithunzi ziyambidwanso.

Akakutumizirani chithunzi choti muone chisanatsukidwe, musangoyang'ana nkhope. Chikulitseni pa foni, muone m'mphepete mwa tsitsi ngati mulibe kamzere koyera, muwerenge zala ndi ndolo, muonenso pansi pa mapazi. Zikakhala bwino m'pamene mutumize theka lotsalalo.