Mukati malo atsala ochepa, nenani chifukwa chake

Amene amaphunzitsa anthu pa intaneti amadalira kwambiri mawu ochepa omwe amalemba pansi pa chithunzi pa Facebook, Instagram kapena WhatsApp. Ambiri amangoti "Fulumirani, malo atsala pang'ono!" koma owerenga anazolowera kudutsa mawu oterewa. Chomwe chimamuimitsa munthu ndi nambala yokhala ndi chifukwa, tsiku lenileni lotsekera, ndi njira yolembetsera yosazunguza mutu.

Tiyerekeze mayi amene akuphunzitsa amalonda ang'onoang'ono kalembedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka. Iye amachonga yekha ntchito ya wophunzira aliyense, ndipo pa mlungu angakwanitse anthu 20. Uthenga wake ungakhale wotere:

"Malo 20 okha, kulembetsa kutha Lachisanu pa 14, 6 koloko madzulo. Phunzirani kulemba ndalama za bizinesi yanu, Loweruka lililonse kwa milungu 4 pa Zoom. Ndikutenga 20 chifukwa ntchito yanu ndidzachonga ndekha. Mtengo ndi K30,000. Choyamba, lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala ili pachithunziyi. Chachiwiri, tumizani dzina ndi uthenga wotsimikiza malipiro pa WhatsApp. Chachitatu, mulandira linki ya kalasi pasanathe tsiku."

Nambala ndi tsiku zili poyambirira chifukwa Instagram imaonetsa mizere yoyamba yokha, zotsalazo imabisa mpaka munthu atadina. Komanso linki yolembedwa mu uthenga wa pa Instagram sidinika, choncho nambala ya foni iyenera kuoneka bwino.

Tsiku lotsekera likhale ndi ola lake. "Mlungu uno" satanthauza kanthu kwa munthu amene waona uthengawo patapita masiku asanu. Ngati ena mwa ophunzira ali ku Britain, onjezani kuti ndi nthawi ya ku Malawi, poti kumeneko amatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. A ku South Africa alibe vutoli, nthawi ndi imodzimodzi.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pambuyo pa tsikulo. Lachisanu ladutsa, malo 6 sanadzaze, ndiye mphunzitsi alengeza kuti wawonjezera masiku atatu. Amene anabwereka ndalama kuti asachedwe amaona kuti anapusitsidwa, ndipo ulendo wotsatira aliyense amadikira. Kuli bwino kuyamba ndi anthu 14, ochedwawo n'kuwalemba pa mndandanda wa kalasi yotsatira. Malo akadzaza tsiku lisanafike, lengezani nthawi yomweyo, ndipo amene walipira mochedwa mumubwezere ndalama zake zonse.

Uthenga wosamveka umadziwika ndi mafunso omwe amabwera. Anthu akamafunsa kuti "Ndi zingati?" kapena "Ndilipira bwanji?", ndiye kuti china chasowa. Musanautumize, mupatseni mnzanu awerenge kamodzi, kenako akuuzeni mtengo, tsiku lotsekera ndi choyamba kuchita. Akakayika pa chimodzi mwa zitatuzi, lembaninso.