Kuwerengera Dothi ndi Miyala ya Pansi pa Silabu

Makoma a maziko akafika pa msinkhu wake, m'kati mwa nyumba mumatsala maenje ofunika kudzaza konkire isanathiridwe. Pansi penipeni pamapita dothi louma kapena gelevulo, pamwamba pake miyala kapena njerwa zoswaswa, zomwe amisiri amati hadiko, kenako mchenga wosalazira, mankhwala a chiswe ndi pepala la pulasitiki loletsa chinyezi. Silabu imakhala pa zimenezi moyo wake wonse, choncho zikatitimira nayonso imasweka.

Kuwerengera kumayamba dothi lapamwamba litapalidwa, masentimita 15 kapena kuposerapo, chifukwa lili ndi mizu ndi zinyalala zomwe zimaola n'kusiya mphako. Malo amayezedwa m'kati mwa makoma, osati kunja. Chitsanzo ndi nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 6.5 m'lifupi, yomwe ndi masikweya mita 65. Makoma a maziko ogawa zipinda, otalika mamita 22 onse pamodzi ndi okhuthala masentimita 23, amadya pafupifupi masikweya mita 5. Malo odzaza amatsala 60.

Kuya nako sikuyezedwa pamalo amodzi, pakuti malo ambiri ndi otsetsereka ngakhale diso liziona ngati ndi osalala. Chingwe chimakokedwa pamwamba pa makoma, ndipo tepi imatsitsidwa m'ngodya zonse ndi pakati. Ngati kumtunda kwapezeka masentimita 40 ndipo kumunsi 60, pakatikati ndi 50. Pa 50 ameneyu, mchenga utenga 5, hadiko 15, ndipo 30 wotsala ndi wa dothi. Kuchulukitsa 60 ndi 0.3 kumapereka makiyubiki mita 18 a dothi; hadiko ndi 9, mchenga ndi 3.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa m'mbuna. Manambala amenewa ndi a zinthu zotsindira kale, pomwe dothi lobwera pa lole limakhala lotakasuka, lodzaza mpweya. Likanyowetsedwa n'kutsindiridwa limabwerera pansi, ndiye chifukwa chake amisiri amawonjezera 20 mpaka 30 peresenti pogula, kutengera mtundu wa dothi. Palinso kamsampha ka masamu. Dothi lothiridwa masentimita 20 likatsika kufika pa 16, lachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, koma kuti dzenje lidzaze pamafunika kuwonjezera gawo limodzi mwa anayi, pakuti 4 wosowayo ndi kota ya 16. Choncho 18 amachulukitsidwa ndi 1.25 n'kukhala 22.5, ndipo hadiko ya 9 imakhala yopitirira pang'ono 11. Mchenga ndi bwino kuugula makiyubiki mita 4, poti wina umalowerera m'mipata ya miyala. Wofuna kutsimikiza athire dothi m'kachipinda kamodzi, ayeze, atsindire, ayezenso. Kusiyana kwake ndiye muyezo woona wa dothi limenelo.

Ogulitsa amawerenga matiripi, osati makiyubiki mita, ndipo tiripi ya lole ina si ya inzake. Njira yake ndi kuyeza bodi. Bodi ya mamita 4 m'litali, 2 m'lifupi, yodzaza theka la mita, imanyamula makiyubiki mita 4. Nyumba ija ifuna matiripi 6 a dothi, 3 a hadiko ndi imodzi ya mchenga. Pogwiritsa ntchito wilibala ya malita 65, kiyubiki mita imodzi ndi mawilibala 15 kapena 16 odzaza bwino. Dothi lokumbidwa m'ngalande za maziko lingachepetse matiripi ngati lili labwino, koma dothi lakuda la makande, lofala m'chigwa cha Shire, siliyenera kulowamo: limafufuma m'dzinja, n'kung'ambika m'chilimwe.

Kutsindira kumachitika m'magawo osapitirira masentimita 15, ndipo potsindira ndi chipika chapamanja 10 ndi abwino koposa. Dothi lonse likakhuthulidwa kamodzi, pamwamba pokha ndi pomwe pamalimba, pansi pali wefuwefu. Madzi akhale ochepa, oti dothi likafumbatidwa ligwirane koma osadontha. Gawo lalimba ngati chidendene cha nsapato sichisiya dindo ndipo chipika chikulira mouma. M'ngodya ndi m'mbali mwa makoma ndi momwe anthu amadumpha, ndipo ming'alu imakonda kuyambira komweko.

Pali chizindikiro china chosavuta kuona. Ngati zonse zinawerengedwa bwino, maenje adzaza, koma mulu waukulu wa dothi watsala panja, mwininyumba asathamangire kukondwa kuti wapulumutsa ndalama. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti dothi silinatsindiridwe mokwanira, ndipo lidzatsika lokha pansi pa konkire, pomwe kukonza kwake ndi kuswa silabu.