Makina akagwa pakati pa usiku, mumayamba ndi chiyani?

Ntchito yanga ndi yoonetsetsa kuti maseva a kampani sakugwa, ndipo akagwa adzuke msanga. Pa intavyu ya ofuna ntchitoyi ndimafunsa chonchi: "Nthawi ndi 2 koloko usiku, foni yanu yalira. Mwa anthu 100 alionse olipira pa pulogalamu yathu, 30 akukanidwa. Mutani?"

Ambiri amathamangira kufufuza gwero la vuto, ndipo apa ndi pamene amagwera. Denga likamadontha usiku wa mvula, umayamba wasuntha katundu, za malata n'zammawa. Ine ndimafuna kumva kuti munthu ayamba ndi kuthandiza olipirawo.

Yankho labwino limayamba ndi mafunso. Vutoli layamba nthawi yanji? Lakhudza onse kapena a dera limodzi? Ndipo chasintha n'chiyani? Funso lachitatuli ndilo lalikulu, chifukwa makina amene amayenda bwino dzulo kawirikawiri amagwa pamene wina wasinthamo kanthu. Ndiye ndimayankha kuti mphindi 20 zapitazo tinaika mtundu watsopano wa pulogalamu, ndipo detabesi ya PostgreSQL ikulemba izi:

```
FATAL: sorry, too many clients already
```

Wodziwa ntchito amawerengetsera pomwepo. Tinene kuti tili ndi maseva 20, ndipo mtundu watsopanowo wakweza njira zimene seva iliyonse imatsegula popita ku detabesi kuchoka pa 20 kufika pa 50. Kale zonse zinali 400, tsopano zikufuna kukhala 1,000, pomwe `max_connections` tinaika pa 500. Zotsalazo zikubwezedwa pakhomo. Mankhwala ofulumira ndi kubwerera ku mtundu wakale, ndipo pa Kubernetes ndi mzere umodzi:

```
kubectl rollout undo deployment/malipiro
```

Koma asanalembe mzerewo, ndimayembekezera funso lina: kodi mtundu watsopanowo unasinthanso kapangidwe ka matebulo mu detabesi? Ngati unachotsa danga limene mtundu wakale umawerenga, kubwerera kumagwetsa malipiro onse, osati 30 okha aja. Wofunsa funsoli ndimadziwa kuti anaidikirirapo ntchitoyi usiku. Pamalipiro palinso msampha wina. Munthu akakanidwa amadinanso, mafoni nawo amabwereza okha, choncho makina akadzuka muyenera kuona ngati pali amene wadulidwa ndalama kawiri.

Ndimamvetseranso ngati munthuyo akuitana anzake. Pamafunika mmodzi wotsogolera amene sakhudza makina, wina wokonza, ndi wina wodziwitsa mabwana ndi makasitomala mphindi 15 kapena 30 zilizonse. Chilichonse chochitidwa chilembedwe ndi nthawi yake. Nthawiyo ndi yochepadi: kampani ikalonjeza kuti makina aziyenda 99.9 peresenti, pa masiku 30 ili ndi mphindi 43 zokha zoti agwe.

Kenako ndimati, "Kwacha, zonse zili bwino. Lembani lipoti." Lipotilo lifotokoze amene anakhudzidwa ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ndondomeko ya zimene zinachitika mphindi ndi mphindi, ndi ntchito zokonza. Amene wangolemba kuti "injiniya analakwitsa nambala, wachenjezedwa" sindimamulemba ntchito. Sikuti ndikuchitira chifundo injiniyayo ayi. Nkhani ndi yakuti anthu akaona mnzawo akulangidwa, ulendo wina amabisa zimene anachita, ndipo lipoti limasanduka lachabe. Funso loyenera ndi lakuti: makina analola bwanji kuti nambala imodzi ifike pa maseva onse 20 nthawi imodzi? Bwanji sinayambe pa seva imodzi kaye? Bwanji alamu sinalire njira zija zitafika pa 450?

Chitsanzo chimene ndimauza achinyamata ndi cha GitLab. Pa 31 Januwale 2017 injiniya wawo anafufuta deta pa seva yaikulu akuganiza kuti ali pa yachiwiri, ndipo ntchito ya makasitomala ya maola pafupifupi 6 inatayika. Lipoti lawo, limene anaika poyera, silinathere pa dzanja lofufutalo. Linaonetsa kuti makope osungira a `pg_dump` anali akulephera mwakachetechete chifukwa chidacho chinali cha mtundu wakale kuposa detabesi, ndipo maimelo ochenjeza za kulepherako sankafika kwa aliyense. Zimenezo ndizo zinafunika kukonzedwa.

Pomaliza ndimayang'ana ntchito zokonzazo. "Tizisamala kwambiri" si ntchito, chifukwa palibe angadziwe tsiku limene yatha. Pa nkhani yathu ija ndimafuna kuona zooneka: kuika PgBouncer pakati pa maseva ndi detabesi kuti njira zizigawanidwa, alamu yolira njira zikafika pa 450, ndi lamulo loti mtundu watsopano uziyamba pa seva imodzi kwa mphindi 15. Iliyonse ikhale ndi dzina la woichita ndi tsiku loimalizira, ndipo ndimafunsa wofuna ntchitoyo kuti mwa zitatuzi ayamba ndi iti sabata ino, ndi chifukwa chake.