Dzina la dziko mu chidindo chonga dzira

Mukatenga paketi ya nyama, soseji kapena tchizi m'sitolo za ku Ulaya, penapake mupezapo kachidindo konga dzira. Ogula ambiri sakalabadira, chonsecho kamaulula dziko ndi fakitale kumene chakudyacho chinakonzedwa komaliza.

Lamulo la Mgwirizano wa Ulaya nambala 853/2004 ndi limene limafuna chidindochi. Mizere yake ndi itatu. Pamwamba pamakhala dziko, dzina lonse kapena zilembo ziwiri: FR ndi Falansa, DE ndi Jeremani, PL ndi Poland. Pakati pali nambala ya chilolezo cha fakitale, ndipo pansi pali zilembo monga EC, CE kapena EG.

Tione tchizi chokhala ndi DE pamwamba ndi BY pakati. DE akutiuza kuti ndi ku Jeremani, BY akuloza chigawo cha Bavaria, ndipo nambala yotsatirayo mungaifufuze pa mndandanda wa mafakitale ovomerezeka umene boma limasindikiza. Ku Falansa, manambala awiri oyamba amatchula dera. Britain itachoka mu mgwirizanowu, chidindo chake chinakhala GB, pamene Northern Ireland imalemba UK(NI).

Koma apa m'pamene ambiri amasokonezeka, ndipo n'zodandaulitsa. Chidindochi sichinena kumene nkhumba inaleredwa. Nyama ya ku Denmark ikadulidwa ndi kupakiridwa ku Britain, paketiyo idzakhala ndi GB. Wofuna kudziwa kumene chiweto chinakulira ayang'ane mawu ena papaketipo, chifukwa pa nyama yaiwisi lamulo limafuna kuti alembe dziko limene chinaleredwa ndi limene chinaphedwera.